Fayilo ya pa fulashi ya mnzanu: ipimeni kaye musanayitsegule

"Achimwene, ndikufuna kuika Linux Mint pa laputopu yanga yakale. Fayiloyo ndi yaikulu, pafupifupi magigabaiti atatu, ndiye ndangokopera pa fulashi ya mnzanga kuti ndisathe bandulo. Wina wandiuza kuti ndiyambe ndaona chekisamu. N'chiyani chimenecho, nanga ndi chofunikadi?"

Zikomo achimwene. Kukopera kwa mnzanu si kulakwa, bandulo ndi ndalama. Chokhacho, simukudziwa kumene fayiloyo yadutsa isanafike kwa inu, ndipo chekisamu imathandiza pomwepo.

Chekisamu ndi mndandanda wa zilembo ndi manambala umene kompyuta imatulutsa ikawerenga fayilo yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mtundu umene umagwiritsidwa ntchito kwambiri masiku ano ndi SHA256, ndipo umatulutsa zilembo 64 nthawi zonse, kaya fayilo ndi yaing'ono kaya ndi yaikulu. Kachidutswa kamodzi kokha kakasintha m'fayilomo, mndandanda wonse umasinthiratu. Eni pulogalamu amalengeza mndandanda wa fayilo yawo yeniyeni, inu mumawerengetsa wa fayilo yanu, kenako n'kufananitsa.

Yambani ndi kutenga mndandanda wa eni ake. Pa webusayiti ya Linux Mint, patsamba la mtundu umene muli nawo, pali kafayilo kotchedwa sha256sum.txt. N'kakang'ono kwambiri, sikangakudyereni bandulo. Mukatenge nokha kumeneko, osati pa fulashi ija, chifukwa woononga fayilo akhozanso kusintha kapepala kokhala nayo limodzi. Mukatsegula, pezani mzere wokhala ndi dzina lenileni la fayilo yanu.

Tiyerekeze kuti muli pa Windows ndipo fayiloyo ndi linuxmint-22-cinnamon-64bit.iso. Tsegulani foda imene ili, dinani pamwamba pamene pamaoneka adiresi ya fodayo, lembani powershell, n'kudina Enter. Pawindo limene litsegukelo lembani:

```
Get-FileHash .\linuxmint-22-cinnamon-64bit.iso
```

Pa laputopu yakale zimatenga kanthawi, musaganize kuti yafa. Ikamaliza ikuonetsani zilembo 64 zija. Ambiri amangoyang'ana zinayi zoyamba ndi zinayi zomaliza n'kuti basi zafanana. Ine sindikhulupirira maso anga pa ntchito imeneyi, ndimaisiyira kompyuta:

```
(Get-FileHash .\linuxmint-22-cinnamon-64bit.iso).Hash -eq "..."
```

Pamene pali timadontho titatupo, matanipo zilembo 64 zokha za pamzere uja wa mu sha256sum.txt, popanda dzina la fayilo. Ikayankha True, fayilo yanu ndi yomweyo imene eni ake anatulutsa. Zoti PowerShell imalemba zilembo zazikulu pomwe kafayilo kaja kali ndi zazing'ono zisakuvuteni, lamuloli silisiyanitsa. Amene ali kale pa Linux amalemba sha256sum kutsogolo kwa dzina la fayilo, a pa Mac amalemba shasum -a 256.

Ikayankha False, musafulumire kumunena mnzanu. Kawirikawiri vuto limakhala laling'ono: mwakopera za mtundu wina wa Linux Mint, monga Xfce, pomwe fayilo yanu ndi ya Cinnamon, mwasiyako chilembo chimodzi pomata, netiweki inadula iye akutsitsa, kapena fulashiyo yatopa. Onaninso dzina ndi mzere. Zikakanikabe, fufutani fayiloyo. Chekisamu siikuuzani ngati chasintha ndi ngozi chabe kapena dala, ndiponso palibe kuti "yatsala pang'ono kufanana".

Zadala zimachitikadi. Mu Meyi 2017 akuba analowa mu imodzi mwa maseva amene anthu ankatsitsirako HandBrake, pulogalamu yosinthira mavidiyo, n'kuikapo ya pa Mac yokhala ndi vayirasi yotchedwa Proton, yoba mapasiwedi. Inakhalapo masiku angapo. Dzina linali lomwelo, pulogalamu inkatseguka bwinobwino, koma chekisamu yake inali yosiyana ndi ya fayilo yeniyeni. Pulogalamu yoikira zinthu m'kompyuta imapempha chilolezo cha mwini makina onse, n'chifukwa chake kupima kuyenera kuchitika musanaitsegule. Mukapima mutaiyendetsa kale, mbuzi yadya kale chimanga.

Koma chekisamu ili ndi malire, ndipo a Linux Mint omwewo anaziona. Pa 20 Febuluwale 2016 wakuba analowa pa webusayiti yawo yeniyeniyo, n'kulozera anthu ku Linux Mint 17.3 Cinnamon yoikidwa khomo lobisika lolowera akuba m'kompyuta, ndipo anasinthanso chekisamu ya patsambalo kuti igwirizane ndi fayilo yabodzayo. Wofananitsa ndi tsamba lomwelo tsiku limenelo akanaona kuti zonse zili bwino. Lero pambali pa sha256sum.txt mupeza sha256sum.txt.gpg, siginecha yotsimikizira kuti mndandandawo unachokeradi kwa eni ake. Kuipima kumafuna pulogalamu ya GnuPG, ndipo masitepe ake anawalemba pa webusayiti yawo pansi pa Verify your ISO image. Ngati laputopuyo mudzalowerapo ku banki, chitani zonse ziwiri.