Kankhani koyambira kuwerenga: "Galu ali kuti?"

"Anzanga a m'gulu muno, ndikuphunzitsa mlamu wanga Chichewa. Wangoyamba kumene, moni ndi mawu ochepa akudziwa. Ndani angandilembere kankhani kophweka, ka m'nthawi yatsopano yokhayokha, ka mawu a tsiku ndi tsiku? Nthano zimene ndapeza zikumukulira."

Achemwali, nthano zisiyeni kaye, chifukwa zimayenda ndi "anapita", "atafika", "n'kumupeza", ndipo munthu woyamba kumene amagwa pa chiganizo chachiwiri. Nako kankhani. Mukawerenga muone m'munsimu chifukwa chimene ndakalembera chonchi, kuti ena muzilemba nokha.

Uyu ndi Tadala. Tadala ali ndi galu. Galu ndi wamng'ono.

Ndi m'mawa. Tadala akudzuka. Akufuna galu. Galu palibe.

Tadala akupita panja. Amayi ali panja. Tadala akufunsa: "Amayi, galu ali kuti?" Amayi akuyankha: "Sindikudziwa."

Tadala akupita pakhomo. Abambo ali pakhomo. Abambo akufuna nsapato. Tadala akufunsa: "Abambo, galu ali kuti?" Abambo akuyankha: "Sindikudziwa."

Tadala akulira. Akupita m'nyumba. Akuyang'ana pampando. Galu palibe. Akuyang'ana pabedi. Galu palibe. Akuyang'ana pansi pa bedi. Galu ali pansi pa bedi! Galu akudya. Akudya nsapato.

Tadala akuseka. Amayi akuseka. Abambo sakuseka. Nsapato ndi ya abambo.

Kathera pomwepo. Mawu onse sakukwana 100, ndipo aneni ndi 10 okha: dzuka, funa, pita, funsa, yankha, dziwa, lira, yang'ana, dya ndi seka. Pamwamba pa amenewa pali "ali", "ndi" komanso "palibe".

Chimene ndasamala kwambiri si kuchuluka kwa mawu ayi, koma kaphatikizo kamene kali kumayambiriro kwa mneni. M'Chichewa mneni amasintha mutu potengera gulu la dzina: mbuzi ikudya, mbuzi zikudya, chinthu chikugwa, mtengo ukugwa, khasu likugwa. Ife sitimva n'komwe kuti pasintha kanthu, koma kwa mlamu wanuyo "ikudya" ndi "akudya" ndi mawu awiri achilendo. N'chifukwa chake ndasankha galu osati mbuzi kapena nkhuku. Galu amagwirizana ndi mneni ngati munthu: Tadala akudya, amayi akudya, galu akudya. Choncho m'nkhani yonse aliyense wochita kanthu akuyamba ndi "aku-", ndipo wophunzira akangogwira kameneka, maso ake amapita pa tanthauzo. Onaninso kuti nsapato, mpando ndi bedi zilimo, koma palibe pamene zikuchita kanthu. Ndikanalemba kuti "nsapato ikusowa", ndikanatsegula phunziro lina lisanafike tsiku lake. Pamene gulu la nsapato laonekera ndi pa "ya" wa m'chiganizo chomaliza basi, ndipo kamodzi sikapweteka.

Tsono nkhani ya nthawi yatsopano. Apa ndi pamene olemba ambiri amaterereka, chifukwa zimene timanena pokamba za panopa sizili mumpangidwe umodzi. Tikaona mwana ali pamphasa maso ali chitsinzinire timati "wagona". Tikafuna kunena za kutopa timati "watopa", za kukondwa "wakondwa". Tanthauzo lake ndi la panopa ndithu, koma mpangidwe wake ndi wina, wopanda "-ku-", ndipo umasiyanitsa mmodzi ndi ambiri: mwana wagona, ana agona. Mukayesa kuukonza polemba "akutopa" kapena "akukondwa" pamene munthu wakwawo angati "watopa", mumuphunzitsa Chichewa chopotoka. Njira yabwino ndi kuzemba mneniyo. Ine ndimafuna Tadala akhumudwe ndipo pomaliza akondwe, koma ndalemba "akulira" ndi "akuseka", zinthu zooneka ndi maso zimene zimalola "-ku-" popanda kukakamiza. Galunso ndikanamugoneka pansi pa bedi, koma "wagona" akanalowa, ndiye ndamupatsa nsapato kuti azidya.

"-ma-" ndamusiyanso dala, ngakhale kuti "Tadala amakonda galu wake" ikanakoma pa ndime yoyamba. Polemba, "amapita" akhoza kutanthauza zochitika masiku onse kapena zimene zinkachitika kale, ndipo ife timasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu polankhula, kamene sikalembedwa. Nayenso "apita" kapena "ndipita" wopanda kanthu pakati musamukhulupirire: "ndipita" kawirikawiri amaloza zimene zichitike posachedwa. Pa sitepe yoyamba, "-ku-" ndi "-li" akukwana.

Ena muona ngati kubwereza "Galu palibe" katatu ndi ulesi. Ayi, ntchito yagona pamenepo. Mawu amene munthu wawaona kamodzi amaiwalika, pamene akakumana nawo kachiwiri ndi kachitatu amayamba kuwazindikira asanaganize. Ndime ya abambo ndi ndime ya amayi yomwe ija, ndangosinthamo munthu ndi malo, kuti akafika apo aziwerenga mothamanga n'kumva kuti akutha. M'ndime yomweyo ndaponyamo "Abambo akufuna nsapato", kuti mawu akuti nsapato asadzakhale achilendo pamene nthabwala ikufika. Nthabwala yofuna kumasuliridwa yafa kale. Akatswiri ophunzitsa zilankhulo, monga Paul Nation wa ku New Zealand, amati kuti munthu awerenge bwino popanda womuthandiza, afunika kudziwa kale mawu pafupifupi 98 pa 100 alionse. Pa kankhani kakafupi chonchi, ndiye kuti achilendo asapitirire awiri. Choncho musanamupatse pepala, muonetseni nsapato, mpando, bedi ndi khomo, mukutchula. "Pansi pa" muchite kumuonetsa ndi dzanja.

Mudziwa bwanji ngati kamukulira? Awerenge mokweza inu muli chete, muzingoika kadontho pamene waima. Akamaima pa "akuyang'ana", limenelo ndi vuto la lilime pa "ng'", osati la kumva, ndipo litha ndi kuyeserera. Koma akamaima pa chiganizo chilichonse, bwererani ku mawu aja. Akamaliza musamufunse kuti "wamva?", chifukwa avomera mwaulemu. Mufunseni ndi mawu a m'nkhani momwemo: Amayi ali kuti? Abambo akufuna chiyani? Ndani sakuseka? Funso lomalizali ndi limene ligwira ambiri, popeza "akuseka" ndi "sakuseka" zasiyana ndi chilembo chimodzi, ndipo amene sanachione anena kuti onse akuseka. Akaseka yekha pa chiganizo chomaliza, mafunso enawo ndi ongokwaniritsa mwambo.

Pa kankhani kachiwiri musinthe chinthu chimodzi chokha. Chophweka ndi kuika ana awiri m'malo mwa Tadala, chifukwa "ana akupita" ali ndi mutu womwe uja. Kenako asimbe yekha ngati iyeyo ndi Tadala: ndikudzuka, ndikufuna galu, ndikulira. Mukatero mulowetse mbuzi m'malo mwa galu, mawu ena onse akhale omwewo, kuti aone yekha "ali" akusanduka "ili", "akudya" akusanduka "ikudya" ndi "wamng'ono" akusanduka "yaing'ono". Zinthu ngati "akumufuna", "akufunsidwa" ndi "akudyetsa" zidikire kaye, ngakhale zili m'nthawi yatsopano, chifukwa chilichonse mwa izo chabisa kaphatikizo kena m'kati mwa mneni.

Ngati mlamu wanuyo ndi wamkulu woti nkhani ya mwana ndi galu ingamuchititse manyazi, mafupa ake ndi omwewa. Bambo akufuna foni, akufunsa mkazi wake, akufunsa mwana, akuyang'ana pampando, akuyang'ana pabedi. Foni ili m'thumba. Mwangowonjezera "ili" mmodzi, pa chiganizo chomaliza.