Ndalama za maliro zisamagone m'foni ya munthu mmodzi

"Achimwene, ife a ku Ntcheu okhala ku Area 25 tili ndi gulu lothandizana pa maliro. Maliro apitawa tinasiyana mokwiyitsana chifukwa cha ndalama, ndiye andisankha kukhala wapampando. Ndiyambire pati kuti zopereka, bajeti ndi ntchito ziziyenda bwino?"

Achemwali, pepani ndi udindowo, chifukwa wapampando wa komiti ya maliro sathokozedwa. Kalata yanu yandikhudza penipeni, poti mkangano ngati umenewo unatsala pang'ono kupasula banja lathu pomwe malume anatisiya.

Malumewo anamwalirira ku Lilongwe, manda ali kumudzi ku Ntcheu konko. Uthenga utangomveka, msuweni wathu wina anatsegula gulu la WhatsApp n'kuika nambala yake ya Airtel Money. Palibe anamusankha, koma palibenso anamuletsa, pakuti tonse misozi inali ili m'maso. Pofika usiku mndandanda wa mayina unatalika mosangalatsa. Uyu walemba K50,000, uyo K100,000, wa ku Joni walonjeza kuti atumiza mawa m'mawa. Mwana woyamba wa malemu ataona chiwerengero chonsecho, anapita kwa ogulitsa mabokosi n'kuloza lonyezimira la zogwirira zagolide, nati bambo ake sangapite m'bokosi la matabwa wamba. Ndani akanamutsutsa mwana wamasiye tsiku ngati limenelo?

Kutacha, mwini lole anati sadzutsa galimoto asanaone ndalama ya mafuta. Apo m'pomwe zinadziwika kuti pafupifupi theka la mndandanda uja linali malonjezo chabe. Zomwe zinalowadi zinali zitathera pa bokosi, zina zitadyedwa ndi mtengo wotapira kwa ejenti, ndipo zina zinasakanikirana ndi ndalama za msuweniyo, amene amagulitsa makala pa nambala yomweyo. Thupi linanyamuka dzuwa litapendeka. Kumudzi adzukulu anali atakumba kuyambira mbandakucha opanda nsima, ndipo anaika makasu pansi mpaka amfumu atalowererapo. Msuweni uja sanabe, ine ndikukhulupirira choncho mpaka lero. Koma analibe pepala lililonse lomuikira kumbuyo, ndipo pali azakhali athu ena amene samulonjera mpaka pano.

Ndiye ndinene mosapsatira: wogwira ndalama asakhale wolemba ndalama, ndipo onse awiri asakhale anamfedwa. Wina angati kumeneko n'kusakhulupirirana. Ayi ndithu. Msungichuma wokhulupirika ndi amene amafunitsitsa kuti pakhale mlembi pambali pake, chifukwa kope la mlembiyo ndi limene lidzamuyeretse pomwe anthu ayamba kunong'onezana. Amene akukana kuti wina azilemba, musamupatse thumba, ngakhale akhale mkulu wa mpingo.

Ndipo poti ndayamba kale, ndilankhuleko za matisheti. Masiku ano thupi lisanatuluke n'komwe m'nyumba ya chisoni, ena ayamba kale kutolera za malaya osindikiza nkhope ya malemu, za wojambula vidiyo, za nkhata zamaluwa zodzaza galimoto. Wofuna zimenezo atulutse m'thumba mwake. Ndalama ya gulu isakhudze zimenezo mayi wamasiye asanadziwe chomwe ana adye sabata yamawa. Pamenepa sindisintha maganizo.

Makope awiri

Chimene chimasokoneza makomiti ambiri n'kusakaniza chopereka cha gulu ndi chipepeso. Chopereka ndi chija mamembala munagwirizana, ndipo ntchito yake ndi kuyendetsa maliro. Chipepeso ndi chomwe anansi, a kuntchito ndi a kumpingo amabweretsa kudzapepesa ofedwa, ndipo mwini wake ndi banja. Chilichonse chikhale ndi kope lake. Komiti ikafuna kugwiritsako chipepeso, ipemphe kwa mwini mbumba pamaso pa mboni, zilembedwe. Za ufa, nkhuni, nkhuku ndi shuga zilembedwenso, chifukwa mayi wobweretsa lichero la ufa naye amafuna kumva kuti chake chinafika.

M'kope la chopereka jambulani mizere iwiri, wa zolonjezedwa ndi wa zolandiridwa. Bajeti imangidwe pa mzere wachiwiri wokha. Gulani simu ya gulu, kapena awiri, wa Airtel Money ndi wa Mpamba, osachitirapo malonda a munthu, ndipo aliyense wotumiza aziika uthenga wotsimikizira pagulu kuti mlembi akopere. Potapa ndalama lembaninso mtengo wotapira, popeza timakwacha timeneto n'timene timasowetsa mtendere powerengera.

Tsono bokosi lizisankhidwa pomalizira. Tiyerekeze kuti m'manja muli K900,000, manambalawa ndi ongophunzirira. Choyamba patulani K90,000, gawo limodzi mwa magawo khumi, ya zadzidzidzi monga tayala lophulika panjira. Chachiwiri lipirani zosunga ndi kukonza thupi, tinene K60,000. Chachitatu ndi galimoto. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa boma la Ntcheu ndi makilomita pafupifupi 160, kupita ndi kubwera 320, ndipo lole ya matani atatu ikhoza kumwa malita ngati 50 a dizilo, osawerengera msewu wafumbi wolowera kumudzi. Chulukitsani ndi mtengo wa tsikulo, muonjezere ya mwini galimoto, mugwirizane ngati mtengowo ukuphatikiza kugona komweko ndi kubweza operekeza. Tinene zonse zakwana K300,000. Chachinayi chakudya, K200,000. Thumba la ufa la makilogalamu 50 limadyetsa anthu pakati pa 150 ndi 200 kamodzi, ndiye werengerani kuti anthu adya kangati kusiwa m'tauni ndi kumudzi. Ndiwo zikhale nyemba ndi kabichi, koma gawo la adzukulu lipatulidwe padera ndipo ndalama yake itsogole kumudzi dzulo lake. Zotsala ndi K250,000. Bokosi ndi la ndalama imeneyo. Banja likafuna loposa apo, lionjezere lokha, ndipo wopita kukagula asakhale mwana wa malemu yekha.

Musasiyenso chopereka cha mamembala pa mlingo umodzi kwa zaka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomwe kale inkafikitsa thupi kumudzi inayamba kuthera panjira. Muziunikanso mlingowo kawiri pachaka, mutafunsa kaye mitengo kwa eni malole ndi okhoma mabokosi.

Za ntchito sindichulukitsa. Pa ntchito iliyonse lembani dzina la munthu mmodzi ndi ola lomwe ikhale itatha, osalemba kuti "anyamata" kapena "amayi a Chigwirizano", chifukwa ntchito ya gulu aliyense amayesa kuti mnzake wachita. Pakhale wa makalata a kuchipatala, wa galimoto, wa kukhitchini, wa tenti ndi mipando amenenso adzabweze zobwerekazo, wolankhula ndi mpingo, ndi mmodzi wodziwa bwino mudzi amene adzalumikizane ndi mwini mbumba kuti amfumu amve msanga ndi kuloleza manda. Inu apampando musatenge ntchito ina iliyonse, yanu ndi kuyenda ndi pepalalo n'kumaimba foni.

Malipoti awerengedwe pasanathe sabata maliro ataikidwa, pamaso pa mamembala ndi woimira banja, malisiti ali patebulo. Zomwe zilibe lisiti, monga nkhuni ndi masamba a kumsika, asainire anthu awiri tsiku logula lomwelo. Ndipo pa msonkhano wanu woyamba, maliro ena asanagwe, gwirizanani n'kulemba kuti ndalama zikatsala zimabwerera m'thumba la gulu kapena zimapita kwa ofedwa, komanso kuti membala amene sanasonkhe maliro awiri otsatizana athandizidwa motani akaferedwa iye.