Tsitsi lasanduka orenji nditathira bulichi

"Achemwali, dzulo ndathira bulichi kuti tsitsi liyere, koma lasanduka orenji ngati mkuwa, kumizu kokha ndi kumene kuli chikasu. Ndalakwitsa chiyani? Ndithirenso usiku uno, kapena ndigule shampu wa pepo uja?"

Mng'ono wanga, chithunzi chija ndachiona, ndiye ndati ndingolankhula chifukwa kulemba ndichedwa. Choyamba, bulichi watsalayo umusiye kaye, usiku uno usamukhudze. Chachiwiri, mtima ukhale pansi. Tsitsi lakuda lililonse limadutsa pamenepo likamayera, ngakhale kwa ife timagwira ntchitoyi tsiku ndi tsiku. Lako langoima panjira.

Chimachitika n'chiyani? M'kati mwa tsitsi muli timadontho ta mtundu totchedwa melanini, ndipo tili pawiri. Tina ndi takuda ndi tabulauni, tina ndi tofiirira ndi tachikasu. Tsitsi likakhala lakuda bii, kufiirako sikuoneka chifukwa kwaphimbidwa. Ukasakaniza ufa wa bulichi ndi divelopa, amene ndi perokisaidi, mankhwalawo amatsegula khungu la tsitsi n'kulowa kukaphwanya melanini uja. Koma saphwanya zonse kamodzi ayi. Mdima umachoka msanga, kufiira ndi chikasu zimakakamira. N'chifukwa chake tsitsi limayera motsata ndondomeko yake: limayamba lafiira, kenako orenji, kenako orenji wopita ku chikasu, chikasu, pomaliza chikasu chotuwa kwambiri. Palibe kudumpha sitepe.

Ife timawerenga kuwala kwa tsitsi kuyambira pa 1 mpaka 10. Pa 1 ndi lakuda bii, pa 10 ndi loyera kwambiri. Lako linali pa 2 kapena apo, ndipo pachithunzipa ndikuona lafika pa 6, mwina penapake 7. Pamenepo ndi kwawo kwa orenji. Ndiye bulichi wagwira ntchito ndithu, wakweza masitepe anayi kapena asanu, ndipo kuthira kamodzi nthawi zambiri kumathera pomwepo. Komanso bulichi akauma pamutu amasiya kugwira, n'chifukwa chake timapaka wambiri ndipo timaphimba.

Za kumizu zija, ndi kutentha kwa mutu. Tsitsi loyandikana ndi khungu limafundidwa ndi thupi, mankhwala amathamanga. Wodziwa amayamba kupaka pakati ndi kunsonga, mizu amamalizira. Iwe ndikukhulupirira unayambira kumizu, sichoncho? Ndikufunsenso, unadayapo lakuda miyezi yapitayi? Ngati unatero, dayi wakale uja amachoka movutikira kuposa mtundu wachibadwa, ndipo amasiya mizere yofiira kwambiri.

Tsopano tona, dayi wopepuka amene timathira pa tsitsi loyeretsedwa ndi bulichi. Apa ndimvetsetse, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Tona sayeretsa tsitsi. Sachotsa orenji uja, amangomuphimba ndi mtundu wotsutsana naye kuti diso lisamuone. Mitundu ili ndi adani ake: buluu amazimitsa orenji, pepo amazimitsa chikasu, girini amazimitsa kufiira. Ukayika buluu pang'ono pamwamba pa orenji, ziwirizo zimathetsana, chotsala ndi bulauni wozizira, wosafiira.

Ndiye shampu wa pepo uja pa tsitsi lako sathandiza. Anapangidwira tsitsi lachikasu, la pa 9 kapena 10. Kumizu kwakoko angagwireko pang'ono, koma pa orenji ungasambe botolo lonse osaona kusintha, tsitsi n'kungouma. Iwe ukufunika buluu.

Chinanso chimene anthu amaphonya ndi nambala ya tona. Munthu amaona chithunzi cha tsitsi loyera ngati siliva pabokosi, n'kugula tona wa pa 9 kapena 10, n'kuthira pa tsitsi la pa 6. Palibe chimachitika, chifukwa tona wowala chotero ali ndi mtundu wochepa kwambiri, orenji amamumeza. Lamulo lake ndi lakuti tona akhale wa nambala yofanana ndi pamene tsitsi lafika, kapena wodera pang'ono. Kwa iwe, funa wa pa 6 wokhala ndi buluu. Makampani ambiri amalemba 6.1 kapena 6A, koma manambala amasiyana, ndiye werenga kuti pansi pake pali mtundu wanji. Ndikuuziretu kuti usadzakhumudwe: udzatuluka ndi bulauni wowala, wooneka bwino, ndipo adzaoneka wodera pang'ono kuposa pano chifukwa mitundu yozizira siwala ngati orenji. Loyera lija unkafuna silibwera ndi tona.

Kathiridwe kake ndi aka. Tenga tona wa mtundu wosakhalitsa, wosakaniza ndi divelopa wofooka, wa volumu 10 kapena kutsika apo. Volumu 10 ndi perokisaidi 3 peresenti. Usatenge wa 30 kapena 40 amene unathirira bulichi, ameneyo akwezanso tsitsi n'kutulutsa kufiira kwina. Ambiri amasakanizidwa gawo limodzi la tona ku magawo awiri a divelopa, koma ena ndi limodzi kwa limodzi, ndiye tsata zolembedwa pa wakoyo. Usanathire mutu wonse, paka kadontho kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48, chifukwa dayi amawenga anthu ena moopsa, mpaka kutupa nkhope. Yesanso pa katsitsi kochepa ka kunkhongo uone mtundu umene utuluke.

Tsiku lothira, vala magulovesi, tsitsi likhale lonyowa pang'ono ngati malangizo akulola. Yambira pamene pali orenji kwambiri, pakati paja. Mizu yachikasu ija uyisiye mpaka mphindi zisanu zomaliza, chifukwa buluu akakhalitsa pa chikasu amatha kupita ku girini, wooneka ngati matope. Nsonga nazonso uzisamale, zimakhala zobooka ndipo zimamwa mtundu mwachangu, zimada kuposa pena ponse. Nthawi yonse kawirikawiri siposa mphindi 20, koma usadalire wotchi yokha. Mphindi zisanu zilizonse pukuta katsitsi kamodzi ndi thaulo uyang'ane pa kuwala kwa dzuwa. Orenji akazima, tsuka.

Tona sakhalitsa. Amasuluka pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo orenji uja amayambanso kusuzumira chifukwa anali pansi nthawi yonseyi. Dzuwa, madzi otentha ndi kusamba m'mutu pafupipafupi zimafulumizitsa. Apo ndi pamene shampu wa buluu amathandiza, kamodzi pa sabata, umusiye mphindi zitatu kapena zisanu.

Ngati mtima udakali pa loyera lija, pafunika bulichi wachiwiri, koma osati sabata ino. Dikira masabata angapo ukulidyetsa kondishona wamphamvu. Ndipo uyambe walifunsa tsitsilo: nyowetsa kalusinga kamodzi, ukoke pang'onopang'ono. Likatamuka pang'ono n'kubwerera, lili ndi mphamvu. Likatamuka ngati chingamu osabwerera, kapena likaduka m'manja, lafooka, bulichi wina alimaliza.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi rilakisa. Unathira liti komaliza? Rilakisa amathyola kale mfundo zimene zimagwira tsitsi m'kati, bulichi n'kudzawonjezera pomwepo, ndipo ndaonapo tsitsi lotero likutsalira m'chipeso nditangoligwira. Ngati pali rilakisa, za bulichi wachiwiri iwaliratu, tikhale pa bulauni. Undiyankhe zimenezi, komanso za dayi wakuda uja, ndiye unditumizire chithunzi china utaima panja masana, tsitsi litauma, cha kumbuyo ndi cha pamwamba, ndione ngati ndi 6 kapena 7 usanagule kanthu.