Nsikidzi m'chipinda cha lendi

"Mwana wanga amaphunzira ku MUBAS ndipo akuchita lendi chipinda ndi anzake awiri ku Chitawira. Akumadzuka ndi totupa toyabwa. Anapopera mankhwala, koma patangotha masabata awiri zayambiranso. Mayeso ayandikira. Asamuke?"

Mayi, asathamangire kusamuka, chifukwa ngati ndi nsikidzi adzapita nazo m'chikwama ndi m'matilesi.

Atsimikize kaye. Nsikidzi zimaluma posavala, m'khosi, m'manja ndi m'miyendo, ndipo totupa timakonda kundandalikana pamzere kapena kuunjikana pamodzi. Kukakhala kuyabwa pakati pa zala, pamfundo za manja ndi m'chiuno, ganizirani mphere, apite kuchipatala. Koma khungu lokha limanamiza. Ayatse tochi ya pafoni, afunyulule msoko wa matilesi ndi m'makona a neti, ayang'anenso molumikizira matabwa a bedi. Akapeza timadontho takuda ngati ta inki, timagazi pansalu yoyala, ndi timazira toyera tomatirira kuthabwa, nkhani ndi yomweyo. Mnzake akati "ine sizindiluma" asamumvere: anthu ena zimawaluma osatupa konse.

Kubwerako gwero lake ndi mazira. Mankhwala opopera a m'golosale sapha mazira ambiri, ndipo nsikidzi zambiri masiku ano zinawazolowera. Mazirawo amaswa pakatha masiku 6 mpaka 10, ndiye wopopera kamodzi amagona bwino sabata imodzi basi.

Onse atatu agwire ntchitoyi tsiku limodzi. Mmodzi akatsalira, bedi lake ndiye mbewu. Tinene Loweruka. Zovala, zofunda ndi maneti aviike m'madzi otentha kwambiri, osachepera madigiri 60, zikauma asite zovala ndi zofunda zokha, n'kuzimanga m'majumbo. Bedi alitulutse panja, athire madzi owira m'ming'alu yonse. Misoko ya matilesi aikweche ndi burashi youma, kenako adutsepo simbi yotentha pang'onopang'ono atayala kansalu konyowa. Kungoyanika matilesi padzuwa sikukwanira, zimathawira kunsi kozizira. Pobwezera bedi lisakhudze khoma, zofunda zisagwere pansi. Pakatha masiku 10 abwereze zonse, ngakhale asakulumidwanso, kuti aphe zongoswa kumene zisanayambe kuikira.

Alandilodi auzidwe, amate ming'alu ya khoma ndi kuitana odziwa kupopera mdadada wonse, poti nsikidzi zimadutsa kuchokera chipinda choyandikana. Kusiya chipinda chopanda munthu pa holide sikuzipha: zimakhala miyezi osadya.

Chimodzi ndikuletseni mwamphamvu. Mapilitsi osungira chimanga aja asalowe m'chipinda chogona, mpweya wake umapha munthu. Mankhwala a kumunda ndi parafini ayinso.

Totupato asakande. Asambe ndi sopo, apake kalamaini. Pakatuluka mafinya akaonane ndi achipatala. Ndipo cha kaunjika chilichonse, kaya chagulidwa ku Limbe kapena ku Ndirande, chiyambe chalowa m'madzi otentha chisanafike pabedi.