Katundu wolemera kapena wopita kutali: yezani katoni musanatchule mtengo

"Ndimagulitsa katundu pang'onopang'ono, koma ndikatumiza phukusi lolemera kapena lopita kutali phindu lonse limathera m'njira. Kodi mtengo wotumizira ndiziuwerengera bwanji?"

Achimwene, musamatchule mtengo katundu asanalowe m'katoni imene ayenderemo, chifukwa makampani onyamula katundu sayang'ana sikelo yokha. Amayeza katoniyo m'litali, m'lifupi ndi msinkhu wake m'masentimita, amachulukitsa manambala atatuwo n'kugawa ndi 5000 (ena onyamula pa ndege amagawa ndi 6000), ndipo zimene apezazo amazitenga ngati makilogalamu. Pakati pa nambala imeneyo ndi ya pa sikelo, mumalipira imene yakula.

Zimenezi zinatsala pang'ono kundithera mpamba. Wogula wina wa kutsidya kwa malire anaitanitsa makatoni 10 a zikwama, ndipo tinapangana kuti ndimufikitsira pakhomo zonse zitalipiridwa. Katoni iliyonse inkalemera makilogalamu 9, choncho kalaliki wa kampaniyo anandiuza pa foni mtengo wa makilogalamu 90, osafunsa n'komwe kukula kwake. Katoniyo inali ya masentimita 60, 50 ndi 40, zimene zimapereka 120,000, ndipo mukagawa ndi 5000 mumapeza makilogalamu 24. Risiti inabwera ya makilogalamu 240. Pansi pake anawonjezapo ndalama ya mafuta, imene imakhala gawo la mtengo wonsewo ndipo imasinthasintha, komanso ina chifukwa dera la wogulayo amati ndi lakutali, ngakhale kuti msewu wa phula umafika.

Kenako panabwera a kasitomu. M'mayiko ambiri msonkho amauwerengera pa mtengo wa katundu pamodzi ndi wa mayendedwe ndi inshuwalansi, motero mayendedwe atakwera, msonkho nawonso unakwera. Ofesala amene ndinakumana naye sankafuna ngakhale kukweza maso, anangobweza mapepala kuti nambala sizikugwirizana, ndipo pamene ankatenga nthawi yake, kosungira katundu ankawerenga masiku n'kumalipiritsa. Wogulayo analandira zikwama zake zonse pa mtengo umene tinapangana, chifukwa ine sindibweza mawu, koma phindu la nyengo yonseyo linapita.

Masiku ano zikwama ndimaziphwatalitsa n'kudula katoni kuti ifupike. Mukachotsa masentimita 15 pa msinkhu wa katoni ija, imatsika kufika pa makilogalamu 15. Katundu wolemeradi, monga zitsulo, alibe chinyengo chimenechi, koma funsani malire a kulemera kwa phukusi limodzi, chifukwa mukapitirira pali chindapusa chake, ndipo nthawi zina makatoni awiri amatchipa kuposa imodzi.

Za mtengo umodzi kwa ogula onse, kaya "kutumiza kwaulere", zisiyireni amalonda akuluakulu. Inuyo tengani adiresi yonse ya wogula, pemphani mtengo wolembedwa wokhala ndi zowonjezera zonse, ikanipo ndalama ya katoni ndi tepi, ndipo mulembe poyera amene alipire msonkho komanso ulendo wobwerera ngati katundu wakanidwa.