Thadzi lakale silipsa ngati buloyila

"Ndinapha thadzi langa lachikuda lomwe linasiya kuikira. Ndinaliphika mphindi 40 pamoto waukulu monga ndimaphikira buloyila, koma nyama inalimba ngati mphira. Kodi linali ndi matenda?"

Ayi mayi, nkhukuyo sinadwale, vuto ndi kaphikidwe kanu. Mwaiweta nokha kufikira yasiya kuikira, ndiye kuti yadutsa zaka ziwiri, nanga mukuipatsa bwanji nthawi ya mwanapiye? Buloyila amaphedwa ali ndi masabata 6 kapena 7 okha, asanayende mtunda uliwonse, n'chifukwa chake mphindi 30 zimamukwanira.

Chimene chinakulimbirani m'kamwa ndi timitsempha toyera tomanga nyama, totchedwa kolajeni. Nkhuku ikamakula, timitsemphati timalukana ndi kukhwima, makamaka m'ntchafu za nkhuku yotandala ikupalasa. Moto waukulu sutisungunula msanga. Umangofinya nyama, madzi ake n'kutuluka, mphika n'kuuma. Timasungunuka ndi kutentha kwapang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, ndipo tikasungunuka ndi pamene msuzi umayamba kumata milomo.

Ulendo wina, duladulani thadzilo, thirani madzi omiza nyama yonse ndi mchere pang'ono. Zikangowira, phulani nkhuni zina kuti madzi azingotulutsa tithovu apa ndi apo, osabwadamuka. Vindikirani bwino. Nkhuku ya zaka ziwiri imafuna maola awiri ndi theka, nthawi zina atatu. Madzi akachepa onjezerani otentha, chifukwa ozizira amangokubwezani m'mbuyo. Musamayang'ane wotchi yokha. Bayani ntchafu ndi foloko: ikalowa mosavuta, nyama n'kuyamba kulekana ndi fupa, yapsa. Mukafuna kukazinga, kazingani pamenepo.

Ndikukayikiranso kuti munaiika pamoto patangopita kanthawi mutaipha. Nyama ikangophedwa imayamba kuuma gwa, ndipo yophikidwa ili choncho imavuta kufewa. Ngati muli ndi firiji, igonekeni m'menemo usiku umodzi. Popanda firiji musaigoneke, ingaonongeke.

Chaka china mlimi wina anabwera kudzandidandaulira kuti anamugulitsa nkhuku yoipa. Nditaona miyendo ya tambala mnzake amene anatsala, mamba anali okhakhala, chikhadabo chakumbuyo chitatalika ngati chala. Onsewo anali nkhalamba basi. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti mukasosola nthenga, dinikizani nsonga ya fupa la pachifuwa. Ikapindika, nkhuku ndi yaing'ono, ola limodzi ndi theka likwana ngakhale ili yachikuda. Ikakana kupindika, konzekani nkhuni zochuluka kanayi kapena kasanu kuposa za buloyila. Buloyila yekhayo musamupatse maola amenewa, adzaphwasuka yense ndipo nyama ya pachifuwa idzauma ngati ulusi.