Chimangirizo cha bodza la dokotala, muyambire apa

"Anzanga ndithandizeni, tapatsidwa asayimenti yoti 'Kodi dokotala angamunamize wodwala?' Akuti pakhale mfundo yanga, chotsutsa ndi yankho lake. Ine ndalemba ubwino ndi kuipa kwa bodza koma aphunzitsi akuti sindinanene kanthu."

Vuto ndi loti simunaime mbali iliyonse anzathu, mwangondandalika zinthu basi. Mu ndime yoyamba momwemo lembani chiganizo chimodzi choti munthu wanzeru akhoza kuchikana, ndipo chikhale ndi "chifukwa" mkati. Mwachitsanzo: dokotala asamunamize wodwala amene wafunsa yekha ngati matenda ake ndi ochizika, olo abale achonderere bwanji, chifukwa mwini moyo ndi amene ayenera kusankha zochita ndi masiku ake otsala. Onani kuti mfundoyi ndaichepetsa dala, sindinati bodza lililonse ndi loipa. Kant, katswiri wa filosofi wa ku Germany, mu 1797 anafika ponena kuti usaname ngakhale kwa chigawenga chofunsa komwe mnzako wabisala, ndiye mukatenga mfundo yaikulu choncho muyenera kuteteza zonsezo pa masamba awiri, simungathe.

Pa chotsutsa ndi pomwe ambiri amataya malikisi. Amalemba zofooka ngati "ena amati kunama kulibe vuto", ndani amanena zimenezo? Tengani chomwe chikukuopsani inuyo, nkuchilemba ngati ndi chanu: ntchito ya dokotala ndi kuchepetsa ululu, ndiye munthu wofooka kale ukamuuza kuti sachira amatha kutaya mtima, kusiya kudya ngakhale kumwa mankhwala, masiku amene akanacheza ndi ana ake nkuthera kulira, komanso abale amene akupemphawo amamudziwa kuposa dokotala. Chimodzi chomwechi chakwana, muchipatse ndime yonse. Mukafuna kudziwa ngati chalimba muwerengereni mnzanu amene amaganiza choncho, akati "eya ndi zimene ndimanena" ndiye kuti zili bwino.

Tsono yankho lisakhale kubwereza mfundo ija ndi mawu ena, zimenezi zimandipweteka ndikaziona chifukwa wolembayo amakhala watsala pang'ono kufika. Vomerani kaye kuti inde uthengawo umawawa. Kenako lozani pomwe chotsutsacho chapunthwa: chikuganiza kuti njira ndi ziwiri zokha, kunama kapena kumukhuthulira zonse kamodzi, pomwe dokotala akhoza kumufunsa wodwalayo kuti akufuna kudziwa mpaka pati nkumamuuza pang'onopang'ono osanama. Onjezani kuti bodzalo likaululika, poti thupi limapitirira kufooka, munthuyo sakhulupiriranso dokotala ngakhale abale ake omwe, pa nthawi imene akuwafunitsitsa.

Nanga wodwala amene wanena yekha kuti musandiuze? Mfundo yathu sikumukhudza, nchifukwa chake tinaikamo mawu oti "amene wafunsa yekha". Ngati polemba yankho mwaona kuti chotsutsa chakulandani mbali ina, bwererani ku ndime yoyamba mukaichepetse mfundoyo kuti igwirizane ndi zomwe mwakwanitsa kuteteza.